Fayilo yakana kupita: mmene mungakonzere PDF kuti iloŵe pa imelo

Malonda a ntchito masiku ano amakonda kutha ndi mzere umodzi womwe umasoŵetsa anthu mtendere: tumizani kalata, CV, masatifiketi ndi chiphaso zonse mu PDF imodzi yosapyola 5 MB. Munthu amakhala kuti mapepala onse ali nawo, koma ali mbwee: kalata ili mu kompyuta, satifiketi anaisikana kukafe ya intaneti, chiphaso anachijambula ndi foni. Akaziika pamodzi fayilo imatupa, imelo n'kubwerera. Ambiri zikafika apa amatsegula tsamba lililonse lolonjeza kuchepetsa fayilo, n'kumadina mobwerezabwereza mpaka nambala itatsika. Nambala imatsikadi, koma dzina la pa satifiketi limasanduka utsi, ndipo wolemba ntchito sangavutike kukuimbirani foni kuti mutumizenso.

Ntchitoyi ili ndi mbali zinayi: kupatula masamba, kuphatikiza, kuchepetsa ndi kusayina. Iliyonse payokha si yovuta. Chimene chimawononga zinthu ndi kuzichita mosokoneza ndondomeko, komanso kusadziŵa kuti m'fayilomo cholemera n'chiyani.

Cholemera ndi zithunzi

PDF inayambitsidwa ndi kampani ya Adobe mu 1993, ndipo mu 2008 inakhala muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 32000. Cholinga chake n'choti tsamba lizioneka chimodzimodzi pa makina alionse. Koma masamba aŵiri ooneka mofanana pa sikirini akhoza kukhala osiyana kutali m'kati mwake. Kalata yolembedwa mu Word n'kusungidwa ngati PDF imasunga zilembo zenizeni ndi malangizo a pomwe chilembo chilichonse chikhale. Zimenezi n'zopepuka: tsamba limodzi nthaŵi zambiri silifika ndi 100 KB yomwe. Kalata yomweyo mukaipulinta n'kuisikana, m'fayilo simukhalanso zilembo. Mumakhala chithunzi cha pepala lonse, timadontho mamiliyoni, kuphatikizapo malo oyera omwe palibe cholembedwa.

Kuti mudziŵe mtundu wa tsamba lomwe muli nalo, yesani kukoka mbewa pamwamba pa mawu, kapena kukanikiza chala pa liwu limodzi ngati muli pa foni. Mawu akasankhika limodzilimodzi ndipo akhalabe akuthwa mukawakuza kwambiri, ndi zilembo zenizeni. Akakana kusankhika, kapena akayamba kuoneka timabokosi mukawakuza, ndi chithunzi.

Kuchuluka kwa timadontho kumayezedwa ndi dpi, kutanthauza timadontho tokwana mu inchi imodzi. Pepala la A4 losikanidwa pa 300 dpi limakhala ndi timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, tonse pamodzi pafupifupi 8.7 miliyoni. Pa 150 dpi limakhala ndi 1240 ndi 1754, pafupifupi 2.2 miliyoni. Taonani kuti tatsitsa dpi ndi theka, koma timadontho tatsika kanayi, chifukwa tachepa mbali zonse ziŵiri. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse yochepetsa PDF. N'chifukwa chakenso sikana yoikidwa pa 600 dpi imatulutsa mafayilo oopsa: timadontho timachuluka kanayi kuposa pa 300, pamene diso la woŵerenga kalata silionapo kusiyana.

Palinso chinthu china chomwe ambiri sachidziŵa. Imelo inapangidwa kuti izinyamula zilembo, choncho fayilo iliyonse yomatidwapo imayamba yasandutsidwa zilembo mwa njira yotchedwa Base64. Njirayi imasandutsa mabayiti atatu alionse kukhala anayi, kotero fayilo imakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu ili pa ulendo. Fayilo ya 9 MB imafika uko ili 12 MB. Gmail imalola zomata zofika 25 MB, koma makompyuta olandira imelo m'maofesi ambiri anaikiridwa malire otsika, ena 10 MB basi. Ndiye fayilo yanu ya 9 MB ikhoza kuchoka bwinobwino kwa inu n'kukakanidwa pakhomo la eni ake. Uthenga wobweza imelo yotere kaŵirikaŵiri umakhala ndi nambala 552 ndi mawu onena za kukula kwa uthenga. Vuto n'lakuti nthaŵi zina umagwera mu Spam, inu n'kumadikira yankho la kalata yomwe sinafike.

Tiyerekeze ndi mapepala enieni

Tiyerekeze mayi wina amene akufunsira ntchito ya ukalaliki wa zachuma. Kalata yake ndi tsamba limodzi, CV masamba aŵiri, zonse zochokera mu Word, ndipo pamodzi sizikufika 200 KB. Satifiketi ya MSCE ndi dipuloma anazisikana zamitundu pa 300 dpi, iliyonse 2.5 MB. Chikalata cha magiredi a kukoleji chili ndi masamba anayi, 8 MB, chifukwa sikana inajambula ndi kumbuyo komwe. Chiphaso cha unzika anachijambula ndi foni chili pathebulo, kutsogolo ndi kumbuyo, chithunzi chilichonse 3.5 MB. Zonse pamodzi ndi masamba 11 olemera 20 MB, pomwe malire ndi 5 MB.

Choyamba n'kuchotsa zosafunika, chifukwa tsamba lochotsedwa limapepuza fayilo popanda kuwononga masamba otsala. Pa masamba anayi a magiredi aja, aŵiri ndi akumbuyo opanda cholembedwa, koma sikana inajambula mawanga ndi mtundu wa pepala, ndipo akudya pafupifupi 3 MB. Kuwachotsa sikufuna pulogalamu yapadera. Tsegulani fayiloyo mu Chrome kapena Edge, dinani Ctrl+P, pamalo osankha pulinta sankhani Save as PDF, ndipo pa Pages lembani masamba omwe mukufuna, monga 1,3. Mukafuna masamba otsatizana mumalemba 1-3. Fayilo yatsopano imatuluka ndi masamba okhawo, yakale n'kukhala mmene inalili. Pa foni za Android njira yomweyi imapezeka pansi pa Print. Ndi mmenenso mungapatulire tsamba limodzi la mgwirizano wa masamba makumi atatu, kapena mwezi umodzi pa sitetimenti ya kubanki ya chaka chonse.

Kenako chiphaso. Pa chithunzi chilichonse, kakhadiko kakutenga kagawo kakang'ono, kwinako ndi nsalu ya pathebulo yomwe foni yaijambula mokhulupirika ulusi ndi ulusi. Kungodula m'mbali ndi Crop kuti kutsale khadi lokha kumagwetsa 7 MB ija kufika pansi pa 1 MB. Zithunzi ziŵirizo zimatidwe pa tsamba limodzi la Word, kutsogolo pamwamba, kumbuyo pansi, n'kusunga ngati PDF. Pofika apa mayi uja ali ndi masamba 8 olemera pafupifupi 11 MB, asanafinye kalikonse.

Ndinenepo pang'ono za kujambula ndi foni. Kamera wamba si chida chabwino chojambulira mapepala. Pulogalamu ya Google Drive ili ndi mbali yosikana, ndipo pa iPhone imapezeka mu Notes. Zimenezi zimadula m'mbali zokha, zimawongola pepala ndi kutulutsa PDF yopepuka. Ikani pepala pamalo akuda, pafupi ndi zenera, foni ili chilili pamwamba pake kuti mthunzi wa dzanja usagwerepo. Ndipo musadzitumizire zithunzizo pa WhatsApp ngati zithunzi wamba, chifukwa imazichepetsa yokha isanakufunseni. Zitumizeni ngati Document.

Kuphatikiza

Apa mpofunika chida. Pa kompyuta ya Windows pali mapulogalamu aulere omwe amagwira ntchito popanda intaneti mukangowaika, monga PDF24 Creator ndi PDFsam Basic. Pa Mac, Preview imachita zimenezi: mumatsegula timasamba tam'mbali n'kukokeramo fayilo ina. Palinso masamba a pa intaneti monga iLovePDF ndi Smallpdf, omwe ndi amene anthu ambiri a foni amadalira. Amagwira bwino ntchito, koma dziŵani chimene mukuchita: fayilo yanu imachoka m'foni n'kupita pa kompyuta ya kampani ina kunja, kenako n'kubwerera. Bandulo imadyeka kaŵiri, popita ndi pobwera. Chachikulu n'chakuti chiphaso, sitetimenti ya kubanki kapena chikalata cha kuchipatala zadutsa m'manja mwa ena. Makampaniwa amanena kuti amafufuta mafayilo pakapita nthaŵi yochepa, koma ine maganizo anga ndi akuti mapepala otere aziphatikizidwa pa makina anu omwe. Ngati mwachitira kukafe, fufutani zonse mu Downloads ndi mu Recycle Bin musanadzuke pampando.

Musanaphatikize, sinthani maina a mafayilo kuti ayambe ndi manambala: 01-kalata.pdf, 02-cv.pdf, 03-msce.pdf, mpaka mapeto. Mapulogalamu ambiri amasanja motsatira maina, ndipo ziro woyambayo amaletsa fayilo ya 10 kudumphira patsogolo pa ya 2. Mukatha, pitani tsamba ndi tsamba. Masatifiketi ambiri ndi opingasa ndipo amaloŵa atagona chammbali. Kuwatembenuza pa sikirini poŵerenga sikusintha fayilo. Muyenera kugwiritsa ntchito Rotate ya m'pulogalamu yophatikizira n'kusunga, apo ayi wolandira adzapendeketsa khosi.

Mafayilo a mitundu iŵiri amavuta pophatikiza. Woyamba ndi wokhomedwa ndi pasiwedi, monga masitetimenti ena a kubanki: pulogalamu imakana kapena imafunsa pasiwediyo. Wachiŵiri ndi mafomu odzaza pa kompyuta. Bokosi lililonse la fomu lili ndi dzina lake lobisika, ndipo mukaphatikiza mafomu aŵiri ofanana, monga a ana aŵiri a sukulu imodzi, mabokosi a dzina limodzi akhoza kutengerana zolembedwa, dzina la mwana woyamba n'kuoneka pa mafomu onse. Mankhwala ake n'kudutsitsa fomu iliyonse mu Save as PDF kaye, kuti zodzazazo zimamatire pa tsamba, kenako n'kuphatikiza.

Kufinya kamodzi kokha

Pulogalamu yochepetsa PDF imachita zinthu ziŵiri pa zithunzi. Imachepetsa timadontho, monga kuchoka pa 300 kufika pa 150 dpi, ndipo imasunganso chithunzi mwa njira ya JPEG yofinya kwambiri, yomwe imataya tinthu ting'onoting'ono timene diso silisamala kwenikweni. Zotayidwazo sizibwerera. Zili ngati kukonola chimanga: madeya akachoka, simungawabwezerenso pa njere. N'chifukwa chake fayilo yoyamba iyenera kusungidwa padera, ndipo ngati kufinya koyamba sikunakwane, bwererani ku yoyambayo n'kusankha mlingo wina. Kufinya fayilo yofinyidwa kale kumaunjika zipsera pa zipsera, pamene kulemera kumangotsika pang'ono.

Pa mapepala oŵerengedwa pa sikirini, 150 dpi imakwanira, ndipo ngakhale atapulintidwa amaŵerengeka. Pansi pa 100 dpi, zilembo zing'onozing'ono zimayamba kufa. Masamba a pa intaneti saonetsa manambalaŵa nthaŵi zonse. Amangopereka milingo itatu, wofatsa, wapakati ndi woopsa. Yambani ndi wapakati. Kwa amene amagwira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku muofesi, pulogalamu yaulere ya Ghostscript imachita zomwezo ndi lamulo limodzi:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -dPDFSETTINGS=/ebook -o yopepuka.pdf yoyamba.pdf
```

Liwu la /ebook limatsitsa zithunzi kufika pa 150 dpi, /printer limasiya 300, pamene /screen limagwetsa mpaka 72, mlingo womwe satifiketi siyenera kufikapo.

Fayilo ya mayi uja ya 11 MB, ikatsitsidwa pa 150 dpi, imafika cha m'ma 3 MB. Kalata ndi CV sizisintha ngakhale pang'ono, poti ndi zilembo zenizeni. Zapepuka ndi satifiketi, dipuloma ndi magiredi. Akadafinya 20 MB yoyamba ija osachotsa kanthu, akadafika pa malire penipeni kapena kupyola, n'kukakamizika kusankha mlingo woopsa chifukwa cha nsalu ya pathebulo ndi masamba opanda kanthu.

Musakhulupirire nambala yokha. Tsegulani fayilo yofinyidwayo, ikuzeni kufika 200%, ndipo pitani pamalo ovuta kwambiri: nambala ya satifiketi, chidindo chotsimikizira kope, tsiku lolembedwa pamanja, magiredi a m'timabokosi. Ngati 3 ndi 8 zikufanana, kapena kuzungulira zilembo kwachita timawanga ngati fumbi, mwafinya mopyola. Pepala lokhala ndi kabokosi ka QR liyeseni ndi foni pa sikirini pomwepo. Likakana kuŵerengeka kwa inu, likakananso kwa eni ake.

Nthaŵi zina fayilo imakana kutsika ngakhale muifinye bwanji. Ngati ndi ya zilembo zenizeni, mulibe zithunzi zoti n'kuchepetsa. Kuiika mu ZIP nakonso sikuthandiza kwenikweni, chifukwa zithunzi za m'kati zinafinyidwa kale, ndipo maofesi ena amakana mafayilo a ZIP poopa mavairasi. Kusandutsa masamba kukhala otuwa, opanda mitundu, kumapepuza ndithu, koma samalani ndi zikalata zomwe chidindo chake chofiira kapena siginecha ya inki yabuluu ndiye umboni woti n'zenizeni.

Siginecha ibwere pomaliza

Njira yomwe ambiri anazoloŵera ndi kupulinta, kusayina ndi cholembera, n'kusikananso. Imagwira, koma imasandutsa kalata yopepuka ya zilembo kukhala chithunzi cholemera, chifukwa cha kamzere kamodzi ka inki. Njira yabwino n'kusayina kamodzi pa pepala loyera ndi cholembera chakuda kapena chabuluu wakuda, kujambula poŵala, n'kudula kuti patsale siginecha yokha. Mu Adobe Acrobat Reader, yomwe ndi yaulere pa kompyuta ndi pa foni, chida cha Fill & Sign chimalola kuika chithunzicho, kulemba siginecha ndi chala, kapena kutayipa dzina. Mumaikoka kufika pa mzere, kuichepetsa kuti ikhale ngati ya pamanja, n'kusunga. Zolembedwa ndi chala pa sikirini zimatuluka zonjenjemera ngati za munthu wina. Chithunzi cha inki yeniyeni chimaoneka bwino kuposa. Kachithunzi ka siginecha kameneka kasungeni ngati kiyi wa nyumba, pakuti aliyense amene wakapeza akhoza kukamata pa kalata iliyonse.

Apa mpamene pali kusiyana koyenera kukumvetsa bwino. Siginecha yomwe tafotokozayi ndi chithunzi chabe chomatidwa pa tsamba. Palinso siginecha ya digito, yomwe mabanki, mayunivesite ndi makampani ena amaika pa zikalata zawo. Iyi si chithunzi. Pulogalamu imaŵerengetsera nambala yapadera kuchokera ku zonse zili m'fayilo, n'kuikhoma ndi kiyi wachinsinsi wa wosayina. Wolandira akatsegula, pulogalamu yake imaŵerengetseranso nambalayo n'kuyerekeza. Zikafanana, Acrobat Reader imaonetsa kamzere pamwamba kolembedwa kuti Signed and all signatures are valid. Pakangosintha kanthu kakang'ono pa zomwe zinasayinidwa, nambala imasiyana ndipo kamzereko kamachenjeza.

Tanthauzo lake n'lakuti chikalata chosayinidwa mwa digito sichiphatikizidwa, sichipatulidwa, sichifinyidwa. Ntchito zitatu zonsezi zimalemba fayilo mwatsopano, choncho siginecha imaphedwa kapena kuchotsedwa, nthaŵi zina mwakachetechete: tsamba limaoneka chimodzimodzi, dzina la wosayina likadalipo, koma kamzere kotsimikizira kapita. Mayi wathu uja akanakhala kuti magiredi ake anachokera kuyunivesite ali osayinidwa motere, nzeru ikanakhala kuikamo kope mu PDF yophatikiza monga anapemphera olemba ntchito, n'kumatanso fayilo yeniyeniyo payokha, ndi mzere umodzi mu imelo wofotokoza chifukwa chake. Ndipo ngati ndinu amene mukusayina mwa digito, malizani zonse kaye, chifukwa mukakumbukira tsamba loiwalika mutasayina, muyenera kuyambiranso.

Ku Malaŵi kuli lamulo la 2016 loona za ntchito zochitika pa makina a intaneti, lomwe limazindikira siginecha zoikidwa pa makina. Komabe ofesi iliyonse ili ndi zofuna zake, ndipo zikalata zina, monga zolumbirira pamaso pa wovomerezeka, zimafunabe inki ndi chidindo. Funsani musanatumize.

Ikakanabe

Pali zikalata zomwe sizingatsike popanda kuwonongeka, monga lipoti la masamba mazana aŵiri lodzaza zithunzi kapena mapulani a nyumba. Apa kupatula kumagwiranso ntchito ina: kugaŵa fayilo m'zigawo zoti chilichonse chipite pa imelo yake. PDFsam Basic ili ndi njira yogaŵa potengera kulemera, koma ndi bwino kudula pomwe mutu wathera kusiyana ndi pakati pa tebulo la manambala. Siyani mpata wa Base64 uja: ngati malire a wolandira ndi 10 MB, chigawo chilichonse chisapyole 7 MB. Maina anene zoona, monga lipoti-gawo-1-mwa-3.pdf, ndipo mutu wa imelo iliyonse unene chimodzimodzi, kuti wolandira adziŵe ngati chigawo china chasochera.

Njira ina ndi linki. Fayilo ikapyola 25 MB, Gmail imaikweza yokha ku Google Drive n'kuika linki m'malo mwa fayilo. Kwa mnzanu wa kuntchito zili bwino. Pofunsira ntchito kapena kupikisana pa tenda n'zoopsa, chifukwa maofesi ena amatseka malinki otere, ena amangoŵerenga zomatidwa pa imelo, ndipo ngati simunapereke chilolezo choyenera wolandira amangoona uthenga woti apemphe mwayi wotsegula. Kalaliki amene ali ndi makalata mazana oti asanje tsikulo sapempha.

Musanatumize kwa eni ake, dzitumizireni nokha imeloyo n'kuitsegula pa chipangizo china, makamaka foni ngati munakonzera pa kompyuta. Pamenepo mpamene zimaonekera siginecha yosoŵa, mabokosi a fomu opanda kanthu ndi tsamba logona chammbali. Fayiloyo ikhale ndi dzina lanu ndi ntchito yomwe mukufunsira, osati scan0007.pdf kapena merged_compressed.pdf, maina omwe m'bokosi la wolandira alimo kale ambirimbiri.